Wokusekererani pamaso, wokutcherani ndale kuseri: kuthana ndi nthirakuwiri wa kuntchito

Dandaulo ili limamveka mobwerezabwereza m'maofesi, m'masukulu, m'zipatala ndi m'mafakitale, ndipo mawu ake sasiyana kwenikweni: pali munthu amene amakulonjerani mwansangala m'mawa uliwonse, amafunsa za ana kunyumba, amayamikira ntchito yanu inu muli pomwepo, koma zinthu zanu zimangosokonekera paliponse pamene iye wadutsa. Wokukalipirani poyera mumadziwa pomuyankhira ndipo mboni zimakhalapo, pomwe nthirakuwiri amakusiyani mukudzifunsa ngati si inuyo amene mukumuganizira zoipa munthu wabwino. Kusautsa kwake si kongoganizira. Mu 2002, Michelle Duffy, Daniel Ganster ndi Milan Pagon anafalitsa kafukufuku amene anachita pakati pa apolisi a ku Slovenia, ndipo anapeza kuti chithandizo chochokera kwa munthu yemweyo amene akukufooketsani sichichepetsa vutolo, koma chimatha kulikulitsa.

Munthu wotere amapeza mphamvu pamalo amodzi: pamene uthenga wopita kwa inu, kapena wonena za inu, umadutsa mwa iye yekha popanda cholembedwa ndiponso popanda mboni. Mukatseka malo amenewo, zambiri zimatha ngakhale musanadziwe za mumtima mwake. M'munsimu muli zizindikiro zisanu za vutoli. Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira zimene zimapezeka kawirikawiri kufikira zosowa, ndipo mudzaona kuti kuchitira dala sikumakhala poyambirira nthawi zonse.

## Musanachite chilichonse, yambani kulemba

Pezani kabuku kanukanu, kosungidwa kunyumba kapena m'chikwama, osati m'kompyuta ya kuntchito imene ena angaitsegule kapena imene mungalandidwe tsiku lililonse. Chinthu chikachitika, lembani tsiku lomwelo zinthu zinayi:

- tsiku ndi nthawi;
- chimene chinachitika, kapena mawu enieni amene ananenedwa;
- anthu amene analipo;
- chimene chinawonongeka pa ntchito chifukwa cha zimenezo.

Pambali pa nkhani iliyonse ikanipo chizindikiro chosonyeza ngati munadzionera nokha, munachita kuuzidwa, kapena mukungoganiza. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu wopwetekedwa mtima amasakaniza zitatuzi osadziwa, ndipo akakafika kwa abwana funso loyamba limakhala lakuti, "Munaona ndi maso anu?" Pakatha masabata atatu kapena anayi, werenganinso zonse muli odekha. Ngati zambiri zili m'gulu la zongoganiza, nthawi yolankhula ndi munthu sinakwane. Ngati pali zochitika zitatu zamtundu umodzi zimene munadzionera nokha ndipo zonse zikuloza kwa munthu mmodzi, muli ndi poyambira.

Chenjezo: m'kabukumo lembani mawu anu okha. Musakopere zikalata zachinsinsi za kampani n'kupita nazo kunyumba, ndipo musajambule mawu a munthu mobisa, pakuti malamulo a mayiko amasiyana pa nkhani imeneyi, komanso malo ambiri a ntchito amakuona ngati mlandu woti n'kuchotsedwa nawo ntchito.

## Chizindikiro choyamba: wina wakutsinani khutu kuti mumanenedwa

Zoyambitsa

1. Mnzanuyo anadandauladi, koma mawu anakula panjira. "Lipoti lake linachedwa" limasanduka "akuti simudziwa ntchito" likadutsa pakamwa pawiri.
2. Ali ndi dandaulo lenileni pa inu limene akuopa kukuuzani pamaso. Anthu ambiri osekerera si achiwembu, ndi amantha chabe, ndipo zimene alephera kunena kwa mwiniwake amakazitula kwa ena.
3. Wobweretsa nkhaniyo ali ndi zakezake ndi munthuyo, ndipo akufuna wom'thandiza kumenya nkhondo.
4. Mnzanuyo akuipitsa mbiri yanu mwadala kwa anthu amene mawu awo ali ndi mphamvu pa tsogolo lanu.

Zofufuza

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, komabe mnansiyo afunsidwe mafunso atatu: mawu enieni anali otani, ananenedwa pamaso pa ndani, ndipo iyeyo anayankha chiyani atawamva. Kenako mufunseni ngati angalole kuti mutchule dzina lake mukamakafunsa mwiniwake. Wokana kutchulidwa sikuti ndi wabodza, chifukwa nayenso ali ndi ntchito yoiteteza, koma zimene wakuuzanizo zikhale m'gulu la zouzidwa ndipo musazitenge ngati umboni. Onaninso kumene mawuwo anapita. Kung'ung'udza kwa anthu awiri pa nthawi yopuma n'kosiyana kwambiri ndi mawu onong'onezedwa kwa abwana sabata imene akusankha wokwezedwa pa udindo.

Zochita

Ngati ndi kamodzi ndipo sizinakhudze ntchito, zilembeni n'kuzisiya. Ngati mkati mwa misecheyo muli kachoonadi, konzani chinthucho, chifukwa miseche yokhala ndi maziko ndiyo imakhalitsa. Chimene simuyenera kuchita ndi kubwezera pomujeda nanunso. Kafukufuku wa John Skowronski ndi anzake wa mu 1998 anasonyeza kuti omvera amakonda kumata pa wolankhulayo makhalidwe omwewo amene iye akunena za munthu wina, kotero mukamauza aliyense kuti uje ndi wachinyengo, ena amayamba kukukayikirani inu. Komanso m'malo a ntchito mawu amazungulira msanga: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

## Chizindikiro chachiwiri: uthenga wofunika sukufikani, kapena ukufika mochedwa

Mumamva za msonkhano utatha, tsiku lopereka ntchito linasintha inu osadziwa, kapena zimene mumadalira kuti muyambe ntchito yanu zimafika nthawi itatha. Chizindikiro ichi ndicho chimawononga kwambiri, chifukwa kwa oyang'ana patali wolephera amaoneka kuti ndinu.

Zoyambitsa

1. Pamalopo palibe njira yokhazikika yofalitsira uthenga, ndipo zinthu zimangotumidwa pakamwa kwa aliyense amene ali pafupi.
2. Mnzanuyo ndi wosasamala kapena ntchito yamuchulukira, ndipo amaiwalira aliyense.
3. Amaumira uthenga kuti azioneka wofunika, osati chifukwa chodana nanu kwenikweni.
4. Akufuna kuti mulephere pamaso pa abwana.

Zofufuza

Funso limodzi limasiyanitsa bwino zoyambitsazi: kodi zimachitikira inu nokha, kapena aliyense amene amadalira munthuyo? Lachiwiri ndi lakuti, kodi kuiwalako kumagwera nthawi iliyonse, kapena nthawi zokhazo zimene kulephera kwanu kukaonekera kwa akuluakulu? Woiwala weniweni amaiwalanso zinthu zimene zimamupweteka iye mwini.

Tiyerekeze mayi amene amalemba lipoti la malonda mwezi ndi mwezi, ndipo manambala ake amawalandira Lolemba kuchokera kwa bambo wina wa mu ofesi yomweyo, kuti lipotilo lifike kwa abwana Lachisanu. Mwezi wina abwana anasunthira tsikulo pa Lachitatu pa msonkhano umene mayiyo kunalibe, natuma bamboyo kuti akanene. Uthenga sunafike. Lachitatu masana abwana atafunsa lipoti, bamboyo anapepesa kwambiri, nati amayesa kuti ananena, ndipo anatsala naye mu ofesi mpaka usiku kumuthandiza. Mayiyo anapita kunyumba akumuthokoza. Mwezi wotsatira manambala anafika Lachinayi madzulo, awiri mwa iwo ali olakwika, ndipo pobweza lipotilo abwana ananena kuti amva zoti mayiyo amafunika kukumbutsidwa pafupipafupi.

Pamenepa mayiyo ali ndi zinthu ziwiri zodzionera yekha ndi chimodzi chongoganiza, chakuti amene ananena za kukumbutsidwa ndi bamboyo. Anafunsa anthu ena awiri amene amalandira manambala kwa bambo yemweyo, popanda kudandaula kapena kutchula chifukwa, funso lake lili lakuti, "Kodi a mwezi uno munawalandira liti?" Onse anayankha kuti Lolemba. Yankho limeneli linachotsa choyambitsa chachiwiri, ngakhale silinatsimikize chachinayi.

Zochita

Mayiyo sanapite kukaneneza munthu. Anachita zinthu zitatu, ndipo ndi zomwezo zimene zimathandiza pa chizindikiro ichi:

- Anapempha abwana kuti tsiku likasintha azimuuza iye mwini kapena azilemba kwa onse pamodzi. Pempho lake linali lonena za ntchito yokha: "Bwana, kuti lipoti lisadzachedwenso, ndikupempha kuti kusintha kwa masiku kuzindifika mwachindunji."
- Mgwirizano uliwonse wapakamwa anayamba kuutsatira ndi imelo yaifupi tsiku lomwelo: "Bambo, zikomo chifukwa cha zimene takambirana. Monga tagwirizana, ndidzalandira manambala Lolemba isanakwane 12 koloko masana, ndipo lipoti lidzapita Lachisanu. Ngati ndamva molakwa mundikonze."
- Nthawi ikadutsa zinthu zisanafike, ankakumbutsa kamodzi polemba, ndipo kukacha zisanafikebe ankalembanso n'kuika abwana pa `Cc` kuti nawonso alandire kope la imeloyo, mawu ake ali ongonena chimene chikusowa ndi tsiku limene chikufunika.

Pa `Cc` pafunika kusamala. Mukamaika abwana pa kalata iliyonse amatopa nanu, ndipo mumaoneka ngati ndinu woyambitsa chidani, choncho isungireni nthawi imene ntchito ili pangozi yeniyeni. `Bcc`, imene imatumiza kope kwa munthu wina mobisa, musaigwiritse ntchito pa nkhani zotere, popeza zikadzaululika wochita zakuseri adzakhala inu. Kumene kulibe imelo, uthenga wa pafoni, buku losiyirana ntchito posinthana mashifiti, kapena kubwereza mgwirizanowo mokweza pamaso pa munthu wachitatu kumagwira ntchito yomweyo.

Zotsatira zake zimakuuzani zambiri. Vuto likatha, nkhani yatha, ndipo sipafunikanso kufufuza ngati ankachitira dala. Koma manambala akayamba kufika pa nthawi yake kenako n'kubuka vuto latsopano pamalo ena pamene palibe cholembedwa, mwachitsanzo kasitomala n'kuuzidwa kuti inu ndinu munachedwetsa katundu wake, dziwani kuti kuiwala sikusamuka chotero. Lembani zimenezo mosamala, chifukwa ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse umene mungapeze.

## Chizindikiro chachitatu: ntchito kapena nzeru yanu ikutchulidwa ngati yake

Zoyambitsa

1. Amakhulupiriradi kuti anachita gawo lalikulu. Michael Ross ndi Fiore Sicoly anasonyeza mu 1979 kuti anthu ochitira zinthu pamodzi amakonda kukuza gawo lawo, chifukwa aliyense amakumbukira bwino thukuta lake kuposa la mnzake.
2. Abwana anangoganiza kuti wofotokoza ndiye mwini ntchito, ndipo iye sanawakonze.
3. Amatenga dala, makamaka nzeru zimene munamuuza muli awiri zisanafike kwa wina aliyense.

Zofufuza

Tcherani khutu ku mawu amene amagwiritsa ntchito. Wonena "tinachita" zinthu zikayenda bwino ndi "tinalakwitsa" zikavuta alibe vuto lalikulu. Wonena "ndinachita" pa zabwino ndi "anachita" pa zoipa ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa. Onaninso ngati pali cholembedwa chokhala ndi tsiku chosonyeza kuti ntchitoyo inayambira kwa inu.

Zochita

Konzani nthawi yomweyo, pamsonkhano pomwepo, mosakwiya ndiponso mosamuchititsa manyazi. Njira yabwino ndi kuwonjezera mfundo imene mwini ntchito yekha angaidziwe: "Ndiwonjezerepo pang'ono, popeza gawo la kuwerengera ndinalichita ine. Chimene chinatipangitsa kusankha njira yachiwiri ndi ichi." Mukadikira sabata kuti mukadandaule, nkhaniyo imakhala itazizira ndipo imamveka ngati nsanje. Kuyambira pamenepo, nzeru yatsopano muziyamba mwaitumiza kwa gulu lonse kapena kwa abwana musanaikambe ndi iye, ndipo pa ntchito yochitira limodzi gwirizanani poyambirira, polemba, kuti gawo lililonse ndi la ndani ndipo adzalifotokoza ndani.

## Chizindikiro chachinayi: abwana asintha, ndipo akudziwa zinthu zimene simunawauze

Akuyankhani mwachidule, ayamba kuyang'anitsitsa ntchito imene kale sankaikayikira, kapena atchula kalakwika kakang'ono kamene munakakonza kalekale, mwinanso nkhani ya kunyumba kwanu imene munauza munthu mmodzi yekha.

Zoyambitsa

1. Abwanawo ali pa mpanipani wochokera kwa owayang'anira, ndipo asinthira aliyense.
2. Pali chinthu pa ntchito yanu chimene sakukhutira nacho, ndipo anachiona okha.
3. Mnzanuyo ndi wosasunga pakamwa, amangolankhula zilizonse kwa aliyense.
4. Amawanong'oneza mwadala, nthawi zambiri monamizira chifundo, monga kunena kuti akukuderani nkhawa chifukwa masiku ano mukuoneka osokonezeka ndi za kunyumba. Mawu otere ndi oopsa kwambiri chifukwa wowanena amaoneka wachikondi, pomwe womva amatsala ndi chithunzi cha wantchito wosadalirika.

Zofufuza

Pemphani mphindi 15 kwa abwana ndipo muwafunse za ntchito yanu osatchula munthu aliyense: "Bwana, kodi pali pamene ntchito yanga yatsika, kapena chimene mwamva chimene ndiyenera kuchidziwa?" Akatchula chinthu, pemphani chitsanzo ndi tsiku lake. Chimene anaona okha amachifotokoza mwatsatanetsatane, pomwe chimene anachita kumva chimatuluka ndi mawu akuti "anthu akuti" kapena "zikumveka kuti". Pali anthu amene amalangiza kuuza wokayikiridwayo nkhani yabodza kuti muone ngati ikafike kwa abwana. Ine sindivomereza msampha umenewu, chifukwa ukakola mumatsala ndi bodza lanulanu loti mulifotokoze.

Zochita

Ngati zimene abwana anena n'zoona, zivomereni, nenani mmene muzikonzere ndi tsiku lake. Ngati n'zabodza, zikonzeni ndi cholembedwa, osati ndi mkwiyo. Kenako tsegulani njira yanuyanu yofikira kwa iwo: kalata ya mizere isanu kumapeto kwa sabata yonena zimene mwamaliza, zimene zatsala ndi zimene zikukutsekerezani. Mukalakwitsa, akhale oyamba kumva kuchokera kwa inu, pamodzi ndi njira yokonzera, chifukwa cholakwa choululidwa ndi mwiniwake sichikhalanso ndi phindu kwa wonong'oneza. Kwa mnzanuyo pitirizani moni ndi ulemu wonse, koma lekani kumuuza za kunyumba, za madandaulo anu pa abwana, ndi zoti mukufunafuna ntchito kwina. Musasinthe mwadzidzidzi mpaka kuleka kumuyankha, popeza zimenezo zimamupatsa nkhani yatsopano yoti mwayamba kumusala.

## Kulankhula naye mwiniwake

Izi zichitike mukakhala ndi chochitika chimodzi kapena ziwiri zimene munadzionera nokha. Sankhani malo a phee koma a kuntchito komweko, pa nthawi ya ntchito, ndipo musachite pa tsiku limene mtima uli m'mwamba. Nenani chimene chinachitika, tsiku lake ndi chimene chinawonongeka, mufunse mbali yake, kenako mupemphe chinthu chimodzi chomveka:

"Bambo, Lachitatu lija tsiku la lipoti linasintha ndipo uthenga sunandifike, kenako mwezi uno manambala anabwera Lachinayi pamene ena analandira Lolemba. Lipoti linachedwa kawiri ndipo abwana andifunsa. Kodi chinachitika n'chiyani? Ngati pali chimene ndimalakwitsa, ndikupempha kuti muziyamba mwandiuza ineyo."

Musatchule za khalidwe lake. Mukangoti "ndinu wachiphamaso", nkhani imachoka pa lipoti n'kupita pa chipongwe chimene mwamuchitira, ndipo madzulo ake ofesi yonse idzakhala itamva kuti munamunyoza. Musatchulenso amene anakutsinani khutu ngati sanalole. Musayembekezere kuti avomera, chifukwa ambiri savomera. Cholinga cha kukambiranaku n'chakuti adziwe kuti mukuona ndiponso mukusunga masiku, ndipo kwa anthu ochuluka zimenezo zimakwanira, popeza zakuseri zimakoma pokhapokha wochitiridwayo asakudziwa. Nthawi zina mumamva dandaulo lenileni limene simunalidziwe, ndipo likatero limvetsereni mpaka kumapeto musanayankhe.

Musakambirane naye nokha ngati ali ndi udindo pa inu, ngati anayamba wakuopsezanipo, kapena ngati nkhaniyo ikukhudza kukufunani zachisembwere. Pamenepo pitani pa gawo lomaliza.

## Chizindikiro chachisanu: mwalankhula naye, wakana, wawonjezera kukoma, koma palibe chasintha

Zoyambitsa

1. Mpata uja sunatsekeke wonse, ndipo pali zinthu zimene zikudutsabe mwa iye yekha.
2. Pali chimene mukulimbirana, monga udindo umodzi, makasitomala kapena bonasi imene imaperekedwa poyerekeza anthu, ndipo kwa iye phindu likuposa manyazi.
3. Abwana amakonda onong'oneza ndipo amawapatsa mphotho.
4. Ndi khalidwe lake lokhazikika, ndipo anachitirapo ena inu musanabwere.

Zofufuza ndi zochita

Yerekezani masiku a m'kabuku kanu ndi nthawi zimene pamakhala kuunika ntchito, kukweza anthu kapena kugawa maudindo. Zochitikazo zikamaunjikana pafupi ndi nthawi zimenezo, choyambitsa ndi mpikisano, ndipo muyenera kulimbitsa zolembedwa zanu nyengo zoterozo zisanafike. Funsaninso mosamala amene anakhalapo pa mpando wanu kale, ngati alipo, mmene ankagwirira naye ntchito, koma musasonkhanitse gulu lomuukira.

Apa m'pamene nkhaniyo iyenera kufika kwa abwana, munthuyo n'kutchulidwa dzina. Tengani tsamba limodzi lokhala ndi zochitika zitatu kapena zinayi zolimba, masiku ake, zimene zinawonongeka pa ntchito, ndi zimene mwayesa kale kuphatikizapo tsiku limene munalankhula naye. Zongoganiza zisiyeni kunyumba, chifukwa mfundo imodzi yofooka imagwetsa zolimba zonse. Malizani ndi pempho limene abwana angathe kulichita, monga kusintha njira yoperekera manambala, kugawa maudindo polemba, kapena kukhala nanu pansi nonse atatu. Abwana ambiri sadziwa chochita ndi dandaulo lakuti wina amadana nanu, koma amadziwa chochita ndi lipoti limene lachedwa kawiri pa chifukwa chodziwika.

Ngati choyambitsa chili chachitatu, zinthu n'zovutirapo, ndipo ndinene mosabisa kuti makalata anu sangasinthe bwana amene amadalira akazitape. Zikatero nkhaniyo ipite pamwamba pawo kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo si kulakwa kuyamba kufunsa za kusamukira ku dipatimenti ina.

## Pamene muyenera kusiya kulimbana nazo nokha

Heinz Leymann, katswiri wa za maganizo amene anafufuza nkhanza za kuntchito ku Sweden, anaika muyeso wakuti zochita zotere zikamachitika kamodzi pa sabata kapena kuposerapo kwa miyezi 6, sizilinso kusamvana wamba. Muyeso umenewu unali wothandiza ofufuza, ndipo sutanthauza kuti mupirire theka la chaka musanapemphe thandizo. Pangano nambala 190, limene bungwe la ILO loona za ntchito padziko lonse linavomereza ku Geneva mu Juni 2019, limaona nkhanza za kuntchito kukhala nkhanza kaya zachitika kamodzi kapena mobwerezabwereza, ngati zikuvulaza thupi, maganizo kapena chuma cha munthu, ngakhale kuti panganoli limamanga mayiko okhawo amene analilandira.

Pitani ku ofesi yoona za ogwira ntchito kapena kwa nthumwi ya yuniyoni ngati:

- mwalankhula ndi munthuyo komanso abwana, ndipo patatha mwezi zikupitirira;
- ntchito yanu yafufutidwa, yasinthidwa kapena yabisidwa;
- ena ayamba kukusalani ngati gulu;
- abwana enieniwo ali mbali ya vutolo.

Musanapite, werengani ndondomeko yamadandaulo ya pamalo panu, chifukwa zina zimaika malire a masiku operekera dandaulo ndiponso zimanena woyamba kumuona. Perekani dandaulo polemba, sungani kope lake, ndipo funsani tsiku limene mudzalandire yankho. Kumbukirani kuti ofesi yoona za ogwira ntchito ndi ya olemba ntchito ndipo singalonjeze kusunga chinsinsi chonse, pakuti wodandaulidwayo ali ndi ufulu womva mlandu wake n'kuyankhapo.

Onanani ndi loya kapena ofesi ya boma yoona za ntchito ngati:

- mwanamiziridwa kuba, chinyengo kapena mlandu wina woti n'kukuchotsetsani ntchito;
- mwalandira kalata yochenjeza kapena yokuitanani kukayankha mlandu pa zinthu zabodza;
- zochitikazo zikukhudza mtundu wanu, chipembedzo, ulumali, pakati, matenda, kapena kukhala mkazi kapena mwamuna;
- mwatsitsidwa, mwasamutsidwa mokakamiza kapena mwaopsezedwa mutangopereka dandaulo.

Pa nthawi yotere musasaine chikalata chimene simunachimvetse. Pemphani nthawi yochiwerenga, ndipo mukakakamizika kusaina, lembani pambali pa dzina lanu kuti mukusainira kulandira kokha, osati kuvomereza zimene zalembedwamo. Funsaninso ngati mukuloledwa kupita ndi mnzanu kapena nthumwi ya yuniyoni pokayankha mlandu.

Onanani ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo ngati tulo tasowa kwa masabata awiri kapena kuposerapo, mtima ukumagunda kwambiri mukamayandikira kuntchito, mwayamba kumwa mowa kapena mankhwala kuti mupirire, kapena simukusangalalanso ndi zinthu zimene munkazikonda. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire mawa: uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Winanso akakuopsezani kuti akuvulazani, nkhaniyo ndi ya apolisi.

Mwina mudzafika poona kuti kuchoka ndiko kwabwino, makamaka pamene akuluakulu amva zonse koma osachitapo kanthu. Ngakhale zitatero, musalembe kalata yosiya ntchito tsiku limene mwakwiya. M'mayiko ambiri, wosiya yekha amataya zina mwa zimene akanalandira, ndipo kutsimikizira khoti kuti munachita kukakamizika kusiya chifukwa cha nkhanza n'kovuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Yambani mwaonetsa kontirakiti yanu, kabuku kanu ndi makope a madandaulo kwa wodziwa malamulo a ntchito, ndipo pezani kalata yokuchitirani umboni kuchokera kwa mkulu amene amadziwa bwino ntchito yanu musanalengeze kuti mukuchoka.